Nambala 3 imene inasanduka 8



Ambiri mwaona majezi atsopano a timu yathu ndipo ena mwandifunsa kale chifukwa chake manambala ake ali akuluakulu chonchija, oyera mbee, opanda kokongoletsa kalikonse. Mtsikana wina wa Fomu 2 anandiuza mosabisa kuti akuoneka ngati manambala a pachitseko cha kalasi. Sindinakhumudwe. Koma popeza ndalama zogulira majeziwa zinachokera m'matumba mwanu, zina pa chopereka cha pambuyo pa swala ya Lachisanu, ndiyenera kufotokoza mmene tinafikira pamenepa. Kuti nkhani imveke, ndiyambe ndi majezi akale aja, amene ndinasankha ndine ndemwe, ndi zimene anachitira mwana wa munthu.

Chaka chatha, atandipatsa udindo woyang'anira zamasewero, ndinakwera minibasi ndi chikwama cha majezi obiriwira kupita m'tauni kwa munthu wodinda manambala. Anandikhazika pampando, n'kutembenuza kompyuta yake kuti ndisankhe ndekha kalembedwe. Ndinasankha kamene kanandisangalatsa m'maso: manambala opendekeka, owonda, a mtundu wa golide wonyezimira, okhala ndi kamthunzi kakuda kumbali. Iye anandifunsa kamodzi kokha kuti, "Aphunzitsi, mwatsimikiza?" Ine ndinati ndatsimikiza. Nkhope yanga inali pafupi ndi kompyuta ngati mmene munthu amagwirira buku powerenga, ndipo pa mtunda umenewo zonse zinali bwino. Titafika nawo kuno anyamata anaomba m'manja.

Patapita milungu ingapo tinalandira timu ya sukulu ina yoyandikana nafe. Unali mwezi wa Okutobala, mpira unayamba itatha swala ya Alasiri, dzuwa likupendekera ku mapiri a ku Dedza, bwalo lonse fumbi lokhalokha monga mudziwira Golomoti nyengo imeneyo. M'chigawo chachiwiri, mpira uli kwina, mnyamata wathu wina anagunda mnzake wa timu ija ndi chigongono. Woyimbira sanaone. Amene anaona anali womuthandizira wa mbendera, ataima kutsidya la bwalo, mtunda wa mamita pafupifupi 50. Anakweza mbendera, woyimbira anapita kukamva, ndipo anabwerako ndi khadi yofiira m'manja akufunafuna nambala 8.

Amene anagunda mnzake anavala 3. Wa nambala 8 ndi mnyamata wofatsa amene ambiri mumamudziwa, ndipo sinditchula dzina lake pano. Anatuluka m'bwalo ali cheucheu, osamvetsa chimene walakwa. Bambo ake anali pansi pa mtengo pamodzi ndi makolo ena, ndipo pomwe dzuwa linkalowa nkhani inali itafika kale kumsika yakuti mwana wa uje wamenya mlendo. Wa nambala 3 anabwera yekha kwa ine m'mawa mwake kudzaulula, Alhamdulillah, ndipo tinalemba kalata yokonza zinthu. Koma mpira wotsatira wa nambala 8 anauonera kunja, chifukwa yankho la kalata yathu linafika mochedwa.

Masiku oyamba ndinkadzudzula wa mbendera mumtima. Kenaka tsiku lina madzulo ndinapachika majezi awiriwo, 3 ndi 8, pa mtanda wa golo, n'kuyenda chobwerera m'mbuyo ndikuwerenga mapazi. Pa mapazi 20 ndinkawasiyanitsa bwinobwino. Pa mapazi 40 ndinayamba kutsinzinira diso limodzi. Nditafika pakati pa bwalo, onse awiri anali timadontho tiwiri tonyezimira tofanana ndendende, chikhalirecho majeziwo anali chilili, osathamanga, ndipo ine ndinkadziwa kale kuti 3 ali kumanzere. Munthu uja ananena zimene maso ake anaona. Wolakwa anali amene anasankha manambala.

Chimene chinachitika chili ndi masamu ake, ndipo ndi osavuta. Amene munayezetsapo maso kuchipatala mukukumbukira chikwangwani cha zilembo zimene zimanka zichepa kupita m'munsi. Munthu amaima pa mamita 6, ndipo ngati maso ake ali abwino amawerenga chilembo chotalika pang'ono kuchepera sentimita imodzi. Zilembo za pachikwangwanicho anazipanga mwadala kuti kunenepa kwa mzere wake kukhale gawo limodzi mwa magawo asanu a kutalika kwa chilembo, ndipo mipata ya pakati pa mizere ndi yofanana ndi mzerewo. Chimene diso limawerenga kwenikweni ndi mzere ndi mpata, osati kutalika kokha. Mtunda ukamakula, kanthu kochepetsetsa kamene diso lingasiyanitse kamakulanso. Pa mamita 50, diso labwino limangokwanitsa movutikira kuona kanthu ka sentimita imodzi ndi theka.

Nditayeza majezi akale ndi rula, ndinapeza kuti nambala inali yotalika masentimita 18, koma mzere wake unali wonenepa sentimita imodzi ndi theka basi. Choipa koposa chinali pa 3. Kusiyana kwa 3 ndi 8 kuli pa mipata iwiri ya kumanzere, pamene 3 ndi wotseguka ndipo 8 ndi wotseka. Kalembedwe kamene ndinasankha kanali kopiringiza nsonga za 3 mpaka kutsala pang'ono kukumana, mpata wotsala osafika masentimita awiri, ndipo kamthunzi kakuda kaja kanadya theka la mpatawo. Ndiye kuti wa mbendera, ali pa mamita 50, tinamupempha kuti aone kanthu kochepera malire a diso la munthu, dzuwa likumuomba kumaso, mwana akuthamanga, jezi itakwinyika ndi thukuta.

Pamenepa ndi pamene ndinapangira lamulo langa la m'thumba. Malinga ndi chikwangwani cha kuchipatala chija, sentimita iliyonse ya kutalika kwa chilembo imawerengeka pa mamita pafupifupi 7. Koma kumeneko ndi chilembo chakuda pa pepala loyera, chosayenda, m'chipinda chowala bwino. Pabwalo lathu ndimagawa mtundawo katatu, n'kunena kuti sentimita imodzi ndi mamita awiri. Nambala ya masentimita 25 idzawerengeka mosakayika pa mamita 50. Dzina la zilembo za masentimita 6 lidzawerengeka pa mamita 12 okha. Si lamulo la m'buku lililonse, koma nditaliyesa ndi ophunzira linagwirizana ndi zimene maso awo ankaona.

Ndinadzazindikiranso kuti a bungwe la FIFA anayeza kale zimenezi. Pa mipikisano yawo, nambala ya kumsana kwa amuna imayenera kutalika pakati pa masentimita 25 ndi 35, mzere wake kunenepa pakati pa masentimita atatu ndi asanu, ndipo zilembo za dzina zikhale pakati pa masentimita 5 ndi 7.5. Amafunanso kuti nambala isiyane kwambiri ndi mtundu wa nsalu. Ife sitisewera mpira wa FIFA pano pa Golomoti, koma diso la woyimbira wa kuno ndi chimodzimodzi ndi la woyimbira wa pa Bingu National Stadium, ndipo bwalo lathu lilibe magetsi owunikira kapena kanema wobwereza zimene zachitika. Ngati alipo ofunika manambala omveka kuposa anzawo, ndi ife.

Ndalama za majezi atsopano zitapezeka, ndinakana kupita m'tauni ndisanayese. Tinatenga makatoni kugolosale, n'kuwakuta ndi nsalu yobiriwira, ndipo ophunzira a Fomu 3 anadula manambala a mapepala oyera a mitundu itatu ya kalembedwe, onse otalika masentimita 25. Mnyamata mmodzi ankakoloweka katoni kumsana n'kumathamanga m'mbali mwa bwalo, ndipo anzake khumi, ataima tsidya lina, aliyense ankalemba mwakachetechete nambala imene waona. Sitinawauze manambala amene akubwera. Ichi n'chofunika, chifukwa munthu akadziwiratu yankho, maso ake amaona chimene mutu wake ukudziwa kale. Tinachita izi nthawi ya Alasiri, osati m'mawa, popeza ndiyo nthawi imene timasewera.

Ndinkayembekezera kuti kalembedwe konenepa kwambiri ndi kamene kapambane, ndipo ndinalakwanso. Pa kompyuta pali kalembedwe kotchedwa Impact, kamene anthu ambiri odinda amakakonda chifukwa ndi konenepa komanso kopanikizana, kotero manambala awiri amakwana bwino pamsana. Koma mizere ikanenepa mopitirira, maenje a m'kati mwa 6, 8, 9 ndi 0 amasanduka timing'alu. Kutali timing'aluto timatsekeka, ndipo manambala onsewa amaoneka ngati njerwa yoimika. Ophunzira anasokoneza 6 ndi 8 kangapo, 9 ndi 0 chimodzimodzi. Mzere wowonda umasowa, koma wonenepetsa umameza mpata, ndipo mpatawo ndi umene umanena kuti nambala ndi iti.

Kamene kanachita bwino kanali ka pakatikati: mzere wa masentimita anayi pa kutalika kwa 25, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, ndipo dzenje lililonse la m'kati losachepera kunenepa kwa mzerewo. Titapeza zimenezi tinayamba kuyang'ana nambala iliyonse payokha, makamaka zimene zimakonda kunamizana. Pa 3 tinasankha wa mutu wathyathyathya, uja amene pamwamba pake pali mzere wowongoka ngati wa 7, chifukwa 8 sangakhale ndi mutu woterowo, ndipo ngakhale mpata wa kumanzere utabisika ndi khwinya, mutuwo umamuulula. Pa 6 ndi 9 tinasankha a mchira wowongoka, osati wopindikira m'kati ngati ndowe, pakuti mchira wopindika ndi umene umatseka n'kupanga 8. Manambala a mchira wowongoka amenewa mungawaone pa kompyuta mu kalembedwe kotchedwa Bahnschrift, kamene kanachokera ku zilembo za zikwangwani za pamsewu za ku Germany, zimene anazipangira woyendetsa galimoto amene alibe nthawi yoyang'anitsitsa. Pa 1 tinachepetsa kachipewa ka pamwamba kuti asafanane ndi 7. Pa 4 tinaonetsetsa kuti katatu ka m'kati n'kotseguka mokwanira.

Manambala awiri ali ndi vuto lawo. Msana wa mwana wa Fomu 1 si waukulu, ndipo nambala ikafalikira kwambiri imazungulira kupita m'nthiti, moti woona kumbuyo amangoona theka la nambala iliyonse. Tinagwirizana kuti nambala imodzi ikhale ya masentimita 13 m'lifupi, pakati pakhale mpata wa masentimita atatu, zonse pamodzi 29. Mpata umenewu osaupeputsa. Mukayandikizitsa 1 ndi 1, kutali amaoneka ngati mzere umodzi wonenepa, ndipo 1 woyandikana kwambiri ndi 3 amasanduka chilembo B.

Za mtundu sizinatitengere nthawi. Golide uja pa zobiriwira amaoneka wosiyana ukakhala pafupi, koma kutali diso silidalira mtundu kwambiri, limadalira kuwala ndi kuda. Njira yachidule yoyesera ndi kujambula jezi pa foni kenaka n'kuchotsa mitundu pachithunzicho kuti chikhale choyera ndi chakuda. Nditatero ndi jezi yakale, nambala ndi nsalu zinatuluka zotuwa mofanana, ngati phulusa pa phulusa. Zofiira pa zobiriwira zimachitanso chimodzimodzi, ndipo pali anthu ena, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi chibadwire. Kunyezimira nako kumapweteka: dzuwa likagunda pa golide pamaoneka kuwala kokha, mawonekedwe a nambala osaoneka. Choncho tinasankha zoyera zosanyezimira pa zobiriwira zoderako, popanda mthunzi, popanda mzere wozungulira.

Ulendo wachiwiri ndinapita kwa wodinda yemwe uja, nditanyamula makatoni anga. Anaseka, koma anandilola kukhala pambali pake tsiku lonse, ndipo zimene ndinaona ndikufuna ophunzira azidziwe, chifukwa ena mwa inu mukhoza kudzadyera ntchito imeneyi. Manambala amadulidwa pa chipepala cha pulasitiki chimene amachitcha vinilo. Chili ndi mbali ziwiri: kumaso kuli kapulasitiki koonekera kamene kamagwirizira nambala, kumbuyo kuli guluu wouma amene amasungunuka akatenthedwa. Makina odulira amadula kuchokera kumbuyo, choncho nambala iyenera kutembenuzidwa pa kompyuta ngati mmene imaonekera pa kalilole. Akaiwala kudina Mirror asanadule, nambala imatuluka chagada pa jezi ndipo vinilo ameneyo wapita. Akadula, amatenga kachitsulo kosongoka n'kumatola zonse zosafunika, kuphatikizapo maenje a m'kati mwa 6, 8, 9 ndi 0.

Pamenepa ndinaona chifukwa china chimene manambala owonda alili oipa. Mzere wowonda uli ndi guluu wochepa, ndipo nsonga zosongoka za kalembedwe kokongoletsa ndi zimene zimayamba kunyamuka pochapa. Majezi akale aja, pofika kumapeto kwa teremu, 7 wina anali atataya mutu n'kukhala 1. Nambala yonenepa ya makona osasongoka imagwira nsalu pamalo aakulu, ndiye imawerengeka bwino komanso imakhalitsa.

Makina odindira ndi ngati simbi yaikulu yathyathyathya yokhala ndi chogwirira chopanikizira. Ake anali a masentimita 38 mbali zonse, ndipo nambala ya 25, mpata wa 4 ndi dzina la 6 zimakwana 35, kotero zonse zinkalowa pa ulendo umodzi. Amayamba wapanikiza jezi yopanda kanthu kwa masekondi atatu kapena asanu kuti achotse chinyezi ndi makwinya, chifukwa chinyezi chikatsalira chimasanduka nthunzi pansi pa guluu n'kumulepheretsa kugwira. Kenaka amapinda jezi pakati kuti apeze mzere wa msana, amaika nambala, amavundikira ndi pepala losapsa, n'kutseka makina. Vinilo wamba amafuna madigiri pafupifupi 150 kwa masekondi 10 mpaka 15, koma mtundu uliwonse uli ndi malangizo a amene anaupanga, kuphatikizapo ngati kapulasitiki ka pamwamba kachotsedwe kadakali kotentha kapena katazizira. Zinthu zitatu ziyenera kukwanira pamodzi: kutentha, nthawi ndi kupanikiza. N'chifukwa chake simbi ya makala ya kunyumba siingagwire bwino ntchitoyi. Simudziwa kuti yatentha bwanji, ndipo dzanja silipanikiza mofanana paliponse.

Anandiphunzitsa kuzindikira ntchito yabwino ndisanalipire. Nambala imene yagwira bwino, ukaiyang'ana mopendeketsa pa kuwala, umaona timizere ta ulusi wa nsalu tikuonekera pamwamba pa vinilo, kusonyeza kuti guluu walowa m'nsalu. Ikakhala yosalala ngati pepala longoikidwa pamwamba, ndipo chikhadabo chikutha kunyamula kona, ndiye kuti kutentha kapena kupanikiza kunachepa. Kawirikawiri izi zimachitika pamene kolala kapena msoko wonenepa walowa m'makina n'kuletsa chitsulo kufika bwino pansalu, kapena pamene magetsi anathima n'kuyakanso ndipo wodinda anafulumira chitsulo chisanatenthe mofanana. Kutentha kukapitirira, nsalu ya poliyesita imatsala ndi chizindikiro chonyezimira cha makona anayi chosachoka, ndipo guluu amatulukira m'mbali mwa nambala.

Pali vuto lina limene siliona tsiku lodinda, ndipo likukhudza ife amene tinasankha zoyera pa zobiriwira. Utoto wa m'nsalu ya poliyesita ukatenthedwa kwambiri umasanduka mpweya n'kulowa mu vinilo, moti patapita masiku nambala yoyera imayamba kubiriwira, pa jezi yofiira imasanduka yapinki. Kusiyana kwa kuwala ndi kuda kuja, kumene tinavutikira, kumachepa. Mankhwala ake ndi vinilo wokhala ndi kansalu kotchinga utoto m'kati mwake, amene ambiri amadindidwa pa kutentha kocheperako, cha m'ma 130 kapena 140. Ndi wokwererapo mtengo. Ndinapempha kuti adinde jezi imodzi yokha poyamba, ndinabwera nayo kuno, tinaisunga sabata yathunthu, tinaichapa katatu, n'kuipachika pa mtanda wa golo. Inakhalabe yoyera. Ulendo wowonjezerawo unadya ndalama ya minibasi, ndipo ndinaulemba m'buku la komiti monga mmene unalili. Vinilo akagwira bwino sachoka bwino, ndipo ukaumirira kumusenda amasiya chipsera cha guluu. Kulakwitsa jezi imodzi kunali kopiririka kusiyana ndi kulakwitsanso zonse 18.

Nkhani ya mayina ndi imene inatitengera nthawi yaitali, ndipo inathera pakhonde la mzikiti. Anyamata ankafuna aliyense dzina lake kumsana monga amaonera pa kanema. Ndikuwamvetsa. Koma ku England komweko manambala anayamba kale kwambiri, moti pa fainolo ya FA Cup ya 1933 Everton inavala 1 mpaka 11 ndipo Manchester City 12 mpaka 22, pamene mayina kumsana mu ligi yawo yaikulu anadzayamba mu 1993, patapita zaka 60, nthawi imene kamera inali itayamba kubweretsa msana wa wosewera pafupi ndi maso a woonera. Ife kamera tilibe. Mwa lamulo langa lija, dzina la masentimita 6 limathera pa mamita 12, ndiye kuti makolo a pansi pa mtengo saliona. Dzina lalitali limavutanso: la zilembo 11 kapena 12 silikwana pa masentimita 30 pokhapokha ulipanikize kapena ulichepetse, ndipo ukatero ngakhale woyimbira saliwerenga. Komanso jezi ndi ya sukulu. Mwana akalemba mayeso a Fomu 4 amapita, jezi imatsala kudikira wina.

A Shehe anawonjezera mfundo imene ine sindinaiganizire n'komwe. Anakumbutsa kuti mayina ambiri a ana athu, monga Abdullah kapena Abdurrahman, ali ndi dzina la Allah m'kati mwake. Jezi ya mpira imagwa m'fumbi, imapondedwa, imaunjikidwa pansi podikira kuchapa, ndipo mwana amalowa nayo kuchimbudzi. Kudula dzinalo kuti likwane pamsana nakonso sikunawasangalatse, chifukwa ukadula Abdurrahman n'kusiya Rahman yekha wasintha tanthauzo, wachotsa mawu akuti kapolo n'kusiya dzina la Mwini wake. Mmodzi wa akuluakulu a komiti anati ana angagwiritse ntchito dzina la bambo kapena la mtundu. Zinamveka bwino, koma vuto la jezi yotsalira wina linali pomwepo. Mapeto ake tinagwirizana kuti pamwamba pa nambala palembedwe GOLOMOTI pa jezi iliyonse. Ndi zilembo zisanu ndi zitatu zokha, zimakwana pa kutalika kwa masentimita 7 popanda kupanikizana kwambiri, ndipo tinazilemba mowongoka, osati mokhota ngati uta. Wa Fomu 4 amene akufuna malaya akeake a chikumbutso okhala ndi dzina angadindise ndi ndalama zake, atafunsa kaye makolo ake ndi a Shehe za dzina loti lilembedwe.

Atsikana a mpira wamanja anatithandiza kuona china. Iwo savala manambala koma zilembo za malo: GS, GA, WA, C, WD, GD ndi GK, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo malamulo a masewerawa amati zitalike masentimita 15. Bwalo lawo ndi lotalika mamita 30.5, ndiye mukaona lamulo langa la sentimita imodzi pa mamita awiri likugwirizana nazo bwino lomwe, zimene zinandilimbitsa mtima. Kwa iwo chilembo cholakwika n'choopsa kuposa kwa anyamata, pakuti zilembozo ndi zimene zimauza woyimbira amene ali ndi ufulu wolowa chigawo chiti. Anayi mwa asanu ndi awiriwo amayamba ndi G, awiri ndi W, kotero ntchito yonse ili pa chilembo chachiwiri, ndipo G wopanda kamzere kooneka bwino amafanana ndi C. Titayesa ndi mapepala, kaputeni wawo anaona msanga kuti hijabu ikatsikira pamapewa imaphimba theka la zilembo. Tinazitsitsa ndi masentimita angapo, tikuyeza pa mtsikana wovala hijabu yake monga amasewerera, osati pa nsalu yoyala patebulo. Ndikanapita m'tauni ndekha ngati poyamba, zimenezi sindikanazidziwa.

Kwa amene muzichapa majeziwa, kaya kuno kusukulu kaya kunyumba, pempho langa ndi ili. Muzitembenuza jezi kunja kukhale m'kati, muzichapa ndi madzi ozizira, ndipo pamene pali nambala musamatikite pamwala kapena kufinya mopotokola. Muziyanika pamthunzi, chifukwa dzuwa la kuno limaumitsa vinilo mpaka kuyamba ming'alu. Simbi isagunde pa nambala. Nsalu imeneyi sifunanso kusita, koma ngati mwaumirira, sitani kuseri ndi simbi yofunda chabe. Mukaona kona yayamba kunyamuka musaisende, bweretsani jeziyo kwa ine. Ikadali yaing'ono imatheka kuipanikizanso pa makina.

Majezi akale sitinataye. Ndi amene anyamata akuvala pokonzekera masewero mkati mwa sabata, pamene palibe woyimbira wolemba manambala. Awiri okha, 3 ndi 8, ndawasunga mu ofesi, ndipo aphunzitsi a sayansi anawabwereka kale kamodzi pophunzitsa za diso.

Tsiku limene majezi atsopano anafika ndinapita kunyumba kwa bambo a mnyamata uja. Ndinali nditapepesa kale chaka chatha, koma ndinkafuna aone okha. Anatenga jezi ya nambala 8, anaitembenuza uku ndi uku, kenaka anaitana mwana wawo wamng'ono kuti aivale n'kuthamanga nayo mpaka pa mlambe wa kumapeto kwa munda. Inamufika m'mawondo. Bambowo anaphimba maso ndi dzanja poteteza dzuwa, n'kunena kuti, "Eyiti ameneyo, aphunzitsi. Nanga wa 3 mwabwera naye?" Ndinali nditabwera naye, ndipo mwanayo anathamanganso kachiwiri.

Mpira wathu woyamba ndi majezi amenewa uliko Loweruka likudzali ikatha swala ya Alasiri, Insha Allah. Makolo amene mudzakhale pansi pa mtengo, ngati pali nambala imene simudzatha kuiwerenga, mudzandiuze mpira ukatha, pamodzi ndi malo amene munakhala.